Kulemba chidule cha foni ya kasitomala mu fayilo ya dandaulo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anzathu ongoyamba kumene ntchito yolandira mafoni a makasitomala amandifunsa kawirikawiri, makamaka akapatsidwa masamba anayi kapena asanu a zokambirana za pafoni n'kuuzidwa kuti azifupikitse zilowe mu fayilo. Ndatenga nkhani imodzi yokha, ya mayunitsi a magetsi ogula pafoni omwe sanafike, ndipo ndiitsata mpaka kumapeto, chifukwa aliyense wogwira ntchito pa kampani yotumizira ndalama pafoni anakumanapo nayo.

Chidulechi timalembera ndani kwenikweni?

Timalembera munthu yemwe sanamve foniyo ndipo alibe nthawi yoti aimvetsere. Kawirikawiri amakhala mnzanu wa shifiti ina, yemwe kasitomala wamupeza mkuja atakwiya kale, akunena kuti "ndinaimba, munandilonjeza." Mnzanuyo ali ndi masekondi ochepa, kasitomala ali pa laini, kuti adziwe vuto, zomwe zinalonjezedwa, ndi pomwe nkhani yafika. Akakanika, amayamba kufunsa kuti "Pepani mayi, tandifotokozereni kuyambira pachiyambi," ndipo palibe mawu opsetsa mtima woimba kachitatu kuposa amenewa.

Wachiwiri ndi wa kuofesi ya zachuma kapena ya makina, yemwe akonze vutolo. Iye salankhula ndi kasitomala, amangoona fayilo. Wachitatu sabwera kawirikawiri koma akabwera nkhani imakhala yakula: supavaiza kapena wa zamalamulo, dandaulo likapita kunja kwa kampani. Nkhani za ndalama zapafoni zimatha kufika ku Banki Yaikulu ya Malawi, za netiweki ku MACRA, ndipo ena amakadandaula ku CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Kumeneko funso loyamba limakhala lakuti kasitomala anauzidwa chiyani, ndi ndani, tsiku liti.

Tipatseni chitsanzo cha foni yeniyeni tisanapite patali.

Nayi mbali ya zokambirana, ndachotsamo moni ndi mafunso otsimikizira mwini nambala. Foni inabwera Lolemba pa 12 Meyi 2025, nthawi ili 10:42 m'mawa. Woimba ndi mayi ogulitsa zozizira pakhomo pawo.

Mayi: Ndinagula mayunitsi Loweruka madzulo a twente sauzande. Ndalama munadula, tokeni mpaka pano sinabwere.

Wolandira: Pepani kwambiri mayi. Uthenga wodula ndalama munaulandira?

Mayi: Ndinalandira. Ndipo usiku womwewo ndinaimba, anzanu anati ndidikire maola 24. Maola 24 ake ndi ati, lero ndi Lolemba?

Wolandira: Ndikuona kuti ndalamayo inachokadi nthawi ya 18:15, koma ikuoneka kuti sinamalize kudutsa. Magetsi muli nawo panopa?

Mayi: Ndinachita kukagula ena a faivi sauzande kwa ejenti Lamulungu, analowa bwinobwino. Koma zinthu mufiriji zinasungunuka usiku wonse. Ameneyo alipira ndani?

Wolandira: Musadandaule mayi, tikonza. Ndikutumiza nkhaniyi kwa anzathu, ndalama yanu ibwezedwa pasanathe masiku atatu.

Mayi: Masiku atatu?

Wolandira: Eya, ogwira ntchito. Ndipo ineyo ndikuimbirani mawa masana kukuuzani pomwe zafika.

Mayi: Chabwino. Basi, tiona.

Foni yonse inatenga mphindi 9. Zina zonse zinali zobwerezabwereza, kudikirira kompyuta, ndi mayiwo kufotokoza za mwana wawo yemwe anawathandiza kudina manambala.

Ndiye chidule chake chioneke bwanji?

Ine ndikanalemba chonchi:

> Dandaulo: Kasitomala anagula mayunitsi a K20,000 Loweruka 10 Meyi, 18:15. Ndalama inadulidwa, tokeni sinafike. Akufuna ndalama yake kapena tokeni. Wafunsanso za katundu wa mufiriji yemwe akuti anawonongeka; funsoli silinayankhidwe.
>
> Zotsimikizika pa kompyuta: K20,000 inachoka, ikuonetsa `PENDING`, tokeni sinatuluke. Nambala ya mita yawerengedwa kwa kasitomala, ikugwirizana.
>
> Zonena kasitomala, zosatsimikizika: akuti anaimba 10 Meyi usiku n'kuuzidwa kudikira maola 24, foniyo sikuoneka mu fayilo. Akuti anagula ena a K5,000 kwa ejenti 11 Meyi ndipo analowa.
>
> Malonjezo: (1) Wolandira anati ndalama "ibwezedwa pasanathe masiku atatu ogwira ntchito", kutanthauza pofika Lachisanu 16 Meyi chifukwa 14 Meyi ndi holide; kasitomala sanauzidwe tsikuli. (2) Wolandira yemweyo aimba yekha Lachiwiri 13 Meyi masana.
>
> Zotsatira: Nkhani yatumizidwa ku ofesi yoyanjanitsa ndalama 12 Meyi, 10:55. Iwo afunse kwa ogulitsa magetsi ngati tokeni inatuluka. Wolandira aimbe 13 Meyi isanakwane 16:00, atchule tsiku la 16 Meyi, ndipo ayankhe za katundu atafunsa supavaiza.

Masamba asanu asanduka ndime zisanu. Onani kuti za mwana zachoka, kupepesa kwachoka, koma K5,000 ya Lamulungu yatsala. Yatsala chifukwa ikugwira ntchito: ngati tokeni ina inalowa mawa lake, mita ilibe vuto, ndipo wa makina asataye nthawi kuikayikira.

Chifukwa chiyani mwasiyanitsa zomwe kasitomala wanena ndi zomwe zaoneka pa kompyuta? Kodi si kumuyesa wabodza?

Ayi. Mayiwa ayenera kuti anaimbadi Loweruka usiku, ndipo ine ndimakhulupirira kuti ambiri onena choncho amanena zoona. Koma mukalemba kuti "anaimba 10 Meyi ndipo anauzidwa kudikira," wowerenga aganiza kuti mwaona umboni. Mukalemba kuti "akuti anaimba, foniyo sikuoneka mu fayilo," mwamuuza zinthu ziwiri nthawi imodzi: zomwe mayiwo akukhulupirira, ndi kuti pali mpata woti wina afufuze ngati mnzathu wausiku analandira foni osailemba.

Chichewa chimatithandiza pano, chifukwa kamawu kakuti "akuti" kamanyamula zonsezi popanda kunyoza munthu. Chomwe muyenera kupewa ndi mawu oweruza, monga "akunamizira" kapena "akudzinenera." Amenewo ndi maganizo anu, ndipo tsiku lina kasitomala kapena loya wake angathe kuwawerenga.

Izi zimagwiranso ntchito mbali yathu. Wolandira akanena kuti "vuto ndi la a magetsi" asanafufuze, musalembe ngati chifukwa chotsimikizika. Lembani kuti wolandira ananena zimenezo.

Lonjezo ndimalizindikira bwanji? Nthawi zina wolandira amangotonthoza munthu.

Apa m'pomwe pagona ntchito yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Mu foni ija muli mawu atatu omwe angaoneke ngati malonjezo. "Musadandaule, tikonza" ndi chitonthozo: mulibe chinthu chenicheni, mulibe tsiku. "Ndalama yanu ibwezedwa pasanathe masiku atatu" ndi lonjezo la kampani. "Ineyo ndikuimbirani mawa masana" ndi lonjezo la munthu mmodzi. Muyeso wanga ndi wophweka: kodi kasitomala angaimbenso n'kunena kuti "munati mudzachita chakuti pofika tsiku lakuti, simunachite"? Ngati angathe, limenelo ndi lonjezo, kaya wolandira ankafuna kulonjeza kapena zinangomupulumuka.

Ndipo zimapulumukadi. Taonani zomwe zinachitika apa. Kugula mayunitsi pafoni kumadutsa m'makina a makampani awiri. Kampani ya ndalama imadula, n'kutumiza pempho ku makina ogulitsa magetsi, omwe amatulutsa tokeni ya manambala 20, kenako tokeniyo imabwerera kwa wogula pa uthenga. Chingwechi chikhoza kuduka malo atatu. Mwina pempho silinafike n'komwe, ndipo pamenepo ndalama imabwezedwa. Mwina tokeni inatuluka koma uthenga unasochera, ndipo pamenepo sabweza ndalama, amangotumizanso tokeni. Mwinanso wogula analakwitsa nambala ya mita, tokeni n'kutulukira mita ya munthu wina, ndipo poti tokeni iliyonse imagwira pa mita yake yokha, nkhaniyo imakhala yaitali. Wolandira wathu anaona `PENDING` n'kulonjeza kubweza ndalama asanadziwe kuti chingwe chaduka pati. Zikapezeka kuti tokeni inatuluka kumbali inayo, ndalama siibwera, pabwera tokeni.

Wolemba chidule amayesedwa kuti amukonzere mnzake, alembe kuti "kasitomala anauzidwa kuti nkhani yake ifufuzidwa." Musatero. Mayiwa sanamve zimenezo, anamva kuti ndalama ibwera. Mukafewetsa lonjezo mu fayilo, yemwe alandire foni yawo Lachisanu adzawatsutsa mosadziwa, iwo adzaumirira, supavaiza adzamvetsera tepi, ndipo adzapeza kuti mayiwo ndiwo akunena zoona. Tsopano olakwa mwakhala awiri. Lembani lonjezo momwe linatulukira pakamwa, mawu ake enieni ngati ndi achidule, ndipo ngati mukuona kuti silingatheke, onjezani mzere wina woti supavaiza aone. Kulonjeza molakwika kumakonzeka ndi foni imodzi yopepesa isanafike nthawi. Kubisa sikukonzeka.

Pa lonjezo lililonse payenera kuoneka zinthu zitatu: wochita, chochitika, ndi tsiku. Chimodzi chikasowa mu zokambirana, lembani kuti chinasowa. "Anauzidwa kuti wina amuimbira, sanatchule ndani kapena liti" ndi chiganizo chothandiza, chifukwa chikuonetsa bowo lomwe liyenera kutsekedwa lero.

Bwanji osangolemba "masiku atatu" kapena "mawa" momwe ananenera?

Chifukwa fayilo siwerengedwa tsiku lomwe yalembedwa. "Mawa" wa Lolemba akawerengedwa Lachitatu amasocheretsa. Chimodzimodzi "dzana," "mkuja," "sabata yamawa," ndi "Lolemba likubwerali." Onse asanduke madeti.

Masiku ogwira ntchito ndiwo amapha anthu ambiri. Mayi athu akawerenga pa zala, masiku atatu kuchokera Lolemba ndi Lachinayi pa 15. Koma Lachitatu pa 14 Meyi ndi tsiku lokumbukira Kamuzu, maofesi amakhala otseka, ndiye masiku atatu ogwira ntchito ndi Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu pa 16. Kusiyana kwa tsiku limodzi kumeneku n'kokwanira kubweretsa foni yaukali Lachinayi madzulo. N'chifukwa chake mu chidule ndinalemba zonse ziwiri: mawu omwe ananenedwa, ndi deti lomwe mawuwo akutanthauza, kuphatikizapo kuti kasitomala sanauzidwe detilo. Khalani ndi kalendala ya maholide pafupi: 15 Januwale, 3 Malichi, 6 Julaye, 15 Okutobala ndi ena, komanso kumbukirani kuti holide ikagwera Loweruka kapena Lamulungu nthawi zambiri imasunthira Lolemba.

"Masana" nawo ndi mawu otakasuka. Kwa wina ndi 12 koloko, kwa wina ndi 3 koloko. Mu gawo la malonjezo siyani "masana" momwe ananenera, koma mu gawo la zotsatira ikani ola lomaliza.

Mayiwa anati "Chabwino." Ndilembe kuti anavomera?

Mvetserani chiganizo chonse: "Chabwino. Basi, tiona." Aliyense wokulira kuno akudziwa kuti ameneyo si munthu wokhutira, ndi munthu wotopa yemwe waona kuti kukangana sikumuthandiza. Anthu athu, makamaka achikulire, sakonda kutsutsa munthu wa muofesi maso ndi maso, ndipo "ndamva," "zikomo," "palibe kanthu" amatha kutanthauza kuti nkhani ikadalipo. Papepala mawuwa amaoneka ofatsa, kamvekedwe kake kamatayika.

Choncho musalembe "kasitomala wakhutira" pokhapokha atanena yekha momveka. Lembani zomwe zinachitika: anauzidwa zakuti, sanatsutse, funso lake la katundu silinayankhidwe. Ndinaonapo fayilo yotsekedwa chifukwa cha mawu awiri oti "wavomera yankho," pamene bambo wake anali atangotsanzika mwaulemu. Patatha milungu iwiri anabwera yekha ku ofesi ali ndi kalata m'manja.

Nanga ukali wa kasitomala, ndiulembe?

Pang'ono, ndipo ngati zochitika. "Waimba kachiwiri pa nkhani yomweyi" kapena "wanena kuti akadandaula ku Banki Yaikulu" zimathandiza wotsatira kukonzeka. "Ndi wovuta," "ndi wamwano" sizithandiza aliyense. Ngati panali kutukwana kapena kuopseza wantchito, lembani kuti zinachitika ndi mphindi yake pa tepi, osakopera mawuwo.

Kasitomala akadandaula zinthu ziwiri kapena zitatu mu foni imodzi?

Zilekanitseni, chifukwa zimapita kwa anthu osiyana. Mu foni yathu muli madandaulo atatu ngakhale mayiwo anaimbira limodzi. La K20,000 ndi la ofesi yoyanjanitsa ndalama. La foni ya Loweruka yosalembedwa ndi la supavaiza wa shifiti. La katundu wosungunuka ndi la yemwe ali ndi mphamvu yonena ngati kampani imalipira zoterezi kapena ayi, ndipo wolandira foni mphamvu imeneyo alibe.

Lachitatuli ndilo limakonda kugwa m'njira. Wolandira analilumpha, ndipo wofupikitsa amangotsata mapazi ake n'kulilumphanso, poganiza kuti poti silinakambidwe kwambiri ndiye kuti ndi laling'ono. Koma kwa mayiwo mwina ndilo lalikulu, chifukwa K20,000 ibwerera, katunduyo sabwerera. Mukamawerenga zokambirana, ikani chizindikiro paliponse pomwe kasitomala wafunsa funso, kenako onani ngati lili ndi yankho. Lopanda yankho lilowe mu chidule ngakhale litakhala la mzere umodzi.

Zolembedwazo ndingazikhulupirire, kapena ndimvetsere tepi nthawi zonse?

Simungamvetsere tepi iliyonse, ntchito singayende. Koma pali malo atatu pomwe ine sindidalira pepala lokha: ndalama, manambala, ndi chiganizo cha lonjezo.

Ife timatchula ndalama m'Chingerezi ngakhale tikulankhula Chichewa, ndipo pa laini yokhala ndi phokoso la msika "fifitini" ndi "fifite" amamveka ngati amodzi. K15,000 ndi K50,000 si pafupi. Ena amangoti "twente" akutanthauza K20,000, wolemba n'kuika K20. Njira yachidule ndi kuyerekeza ndi kompyuta: ndalama yomwe ili mu chidule ikhale yomwe ikuoneka pa akaunti, ndipo ikasiyana ndi yomwe kasitomala watchula, lembani zonse ziwiri. Nambala ya mita ndi nambala ya malonda musazitaipe kuchokera pa zokambirana, zikopereni pa kompyuta.

Pa lonjezo, ngozi ili pa timawu ting'onoting'ono. "Ibwezedwa" ndi "ingabwezedwe" akusiyana ndi zilembo zochepa, koma loyamba ndi ngongole ya kampani pamene lachiwiri ndi mwina. "Sitibweza" ndi "tibweza" akusiyana ndi ka "si" komwe kamamezeka mosavuta laini ikadukiza. Mukaona kuti yankho la kasitomala silikugwirizana ndi zomwe zalembedwa, monga wathokoza kwambiri pomwe pepala likuti wakanizidwa, bwererani ku tepi pa mphindi imeneyo.

Ndi ziti zomwe siziyenera kulowa mu fayilo ngakhale zinanenedwa?

Nambala yachinsinsi, choyamba. Makasitomala ena amaitchula okha asanafunsidwe, poganiza kuti zithandiza. Isalowe mu chidule. Lembani kuti anaitchula pafoni ndipo analangizidwa kuisintha, ndipo ngati sanalangizidwe, chimenecho chikhale choyamba pa zotsatira. Chimodzimodzi manambala otsimikizira omwe amabwera pa uthenga, ndi tokeni yonse ya manambala 20 yomwe sinalowetsedwe. Nambala ya chiphaso cha unzika musaibwereze, ingolembani kuti mwini nambala watsimikizidwa.

Kenako nkhani za moyo wa munthu. Pofuna kuti timumvetse, kasitomala amatha kutiuza za matenda, za banja lomwe likutha, za ngongole kwa katapila. Ngati sizikusintha momwe dandaulo likonzedwere, zisiyeni. Ngati zikusintha, monga pakhomo pali wodwala yemwe mankhwala ake amasungidwa mufiriji, lembani zokwanira kuti nkhani ifulumire, osatchula matendawo. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, ndipo mzimu wake ndi woti kampani isunge zokhazo zofunika pa ntchito yomwe yazitengera. Fayilo ya dandaulo imatsegulidwa ndi anthu ambiri kuposa omwe amamvetsera tepi.

Gawo la zotsatira likusiyana bwanji ndi la malonjezo? Zikuoneka ngati zofanana.

Malonjezo ndi zomwe kasitomala akudikira. Zotsatira ndi zomwe ife tichite kuti zimenezo zitheke, ndipo zambiri mwa izo kasitomala sazidziwa. Mayiwa sanauzidwe zoti wina afunse kwa ogulitsa magetsi ngati tokeni inatuluka, koma popanda sitepe imeneyi lonjezo la ndalama silikwaniritsidwa.

Mzere uliwonse uyambe ndi dzina la ofesi kapena munthu. "Nkhani itsatidwe" ndi chiganizo chopanda mwini, ndipo ntchito yopanda mwini imagona mu fayilo mpaka kasitomala aimbenso. Siyanitsaninso zomwe zachitika kale ndi zomwe zikudikira: "yatumizidwa 10:55" ndi "itumizidwe" ndi zinthu ziwiri, ndipo ndaonapo wolandira atanena pafoni kuti "ndikutumiza pompano" koma foni ina n'kulowa asanadine. Musalembe kuti yatumizidwa chifukwa choti ananena. Onani pa kompyuta ngati inapitadi.

Ngati pali chomwe kasitomala ayenera kuchita, monga kutumiza chithunzi cha uthenga wodula ndalama, chilembeni padera ndi kunena ngati masiku olonjezedwa akuyamba kuwerengedwa iye akatumiza. Ndipo yang'anani ndandanda ya mashifiti. Wolandira wathu analonjeza kuimba yekha Lachiwiri masana. Ngati tsikulo ali pa ofu, lonjezolo lipatsidwe kwa wina lero lomwe, dzina lake lilembedwe.

Mayiwa akaimbanso, ndisinthe chidule chakale kapena ndilembe china?

Lembani china pansi pake, chokhala ndi deti ndi nthawi yake, chakale chisakhudzidwe. Tinene kuti Lachiwiri m'mawa a kuofesi yoyanjanitsa ayankha kuti tokeni inatuluka kumbali ya ogulitsa magetsi, kungoti sinabwerere kwa ife. Ndiye kuti lonjezo loyamba lagwa. Cholemba chatsopano chinene choncho mosabisa:

> 13 Meyi, 14:20. Taimbira kasitomala monga tinalonjezera. Tokeni ya K20,000 inapezeka ndipo yatumizidwanso pa uthenga 14:05. Kasitomala watsimikiza kuti yalowa mu mita. Wauzidwa kuti ndalama sibwezedwa chifukwa mayunitsi alandira, ndipo tapepesa pa lonjezo la 12 Meyi. Za katundu: supavaiza ayankha pofika Lachinayi 15 Meyi, kasitomala wauzidwa tsikuli. Fayilo isatsekedwe.

Mukapeza kuti munalakwitsa mu chidule choyamba, monga ndalama kapena deti, onjezani mzere wokonza wokhala ndi dzina lanu ndi tsiku, osafufuta. Fayilo iyi itsekedwa supavaiza akayankha za katundu ndipo yankholo litafika kwa mayiwo, kaya ndi loti kampani ilipira kapena ayi.